Buluu wa Pasikirini Akafika Papepala: Kusunga Mitundu ya Logo Posindikiza

Chaka chikamapita kumapeto, aliyense wokonza zosindikiza amakhala pa mpanipani wa makalendala. M'nyengo yotereyi ndinalandira ntchito kuchokera ku bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama, lomwe linali litangosintha logo yake. Iwo ankafuna kuti pakati pa kalendala pakhale chithunzi cha galimoto yawo yoyera itaima pamsika, anthu atayizungulira. Vuto linali lakuti pachitseko cha galimotoyo panali pakadali logo yakale, ndipo zomata zatsopano zinali zisanabwere. Ndinafufuta logo yakaleyo pakompyuta, ndikuikapo yatsopano, ndikuyipendeketsa kuti igone bwino pachitseko, kenako ndikuyiika kamthunzi kuti isaoneke ngati yongomatapo. Pasikirini ntchitoyo inali yokongola. Buluu wa logo ankawala ngati nyali.

Pulufu itabwera kuchokera kosindikiza, a tcheyamani a bungwelo anayiyang'ana kwanthawi, kenako anati, "Achimwene, buluu wathu uja wapita kuti? Uyutu akuoneka ngati chitenje chomwe chachapidwa chaka chonse." Ankanena zoona. Nkhope za anthu zinali bwino, tomato wa pamsika anali wofiira ndithu, koma logo inali itathimbirira n'kupendekera ku mtundu wa pepo.

Chomwe chinachitika n'chodziwika kwa aliyense wogwira ntchito yosindikiza. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala. Ili ndi tinyali tosawerengeka ta mitundu itatu, tofiira, tobiriwira ndi ta buluu, ndipo dzina loti RGB likuimira mitundu imeneyi. Kanyali kalikonse kamayaka pa mlingo woyambira 0 mpaka 255. Pepala silitulutsa kuwala kwake. Limangobweza kuwala komwe kwaligwera, ndipo inki iliyonse yomwe mwapakapo imameza gawo lina la kuwalako. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi: sayani, amene ndi buluu wotuwira ngati thambo, majenta, amene ndi wofiira wopita ku pinki, yachikasu, ndi yakuda. Izi ndi zomwe timazitcha CMYK, ndipo iliyonse imayezedwa kuyambira 0 mpaka 100 peresenti. Pasikirini, kuwonjezera mtundu n'kuwonjezera kuwala. Papepala, kuwonjezera inki n'kuchotsa kuwala. N'chifukwa chake pali mitundu ina yomwe sikirini imaonetsa mosavuta koma inki zinayizi sizingayifikire ngakhale mutazisakaniza mwaluso bwanji. Yovuta kwambiri ndi buluu wowala, wobiriwira wowala ndi olenji, yomwenso ndi mitundu yomwe okonza malogo amakonda.

Apa ndiyenera kunena mosabisa: gawo lina la kuzilala silingapeweke. Munthu amene angakulonjezeni kuti buluu wa pafoni yanu atuluka chimodzimodzi papepala ndi inki zinayi akukunamizani. Koma pali gawo lachiwiri lomwe ndi litsiro chabe, inki yomwe yalowa pamalo pomwe sinafunike, ndipo gawo ili limapeweka. Pa ntchito zambiri zomwe ndaona, chomwe chimakwiyitsa mwini logo si kuchepa kwa kuwala ayi, koma litsiroli ndi kusintha kwa mtundu weniweniwo.

Nditabwerera pakompyuta ndinatsegula fayilo mu Photoshop, ndikuyeza buluu wa logoyo pa bolodi lotchedwa `Info`. Anali R0 G0 B255. Mnyamata amene anakonza logoyo anasankha buluu wowalitsitsa amene sikirini ingathe kutulutsa. Mukalola kompyuta kuti imusinthe yokha buluu ameneyu pogwiritsa ntchito pulofayilo yomwe Photoshop imabwera nayo kawirikawiri, ya `U.S. Web Coated (SWOP) v2`, mumapeza manambala oyandikira C88 M77 Y0 K0. Yang'anitsitsani manambala awiri oyambawo. Sayani waposa majenta ndi 11 yokha. Osindikiza akale ali ndi lamulo lawo lapakamwa lakuti buluu akhale buluu, sayani apose majenta ndi 30 kapena kupitirira. Zikayandikana kwambiri, majenta amalamulira ndipo buluu amasanduka pepo. Kompyuta sinalakwitse masamu. Inafunafuna mtundu woyandikira kwambiri malinga ndi kuwerengera kwake, koma siyidziwa kuti a tcheyamani angalole buluu wotuwirako kusiyana ndi pepo.

Chinalinso china chomwe ndinachita ine mwini. Pofuna kuti logo ilowerere pachitseko, ndinayiika pa `Multiply`, njira yomwe imasakaniza mtundu wa pamwamba ndi wa pansi pake. Chitseko cha galimoto yoyenda m'misewu yafumbi sichikhala choyera mbee. Chinali ndi kachikasu ka fumbi ndi ka dzuwa la masana. Kachikasuko kanalowa mu buluu. Chikasu ndi mdani wa buluu, monga mmene sayani alili mdani wa zofiira ndi olenji, komanso majenta mdani wa zobiriwira. Mtundu wowala papepala umapangidwa ndi inki imodzi kapena ziwiri. Yachitatu ikangolowa, ngakhale pang'ono, imaukokera ku imvi.

Njira yomwe ndimatsata kuyambira nthawi imeneyo ndi yakuti chithunzi ndi logo zisalowere khomo limodzi. Chithunzi chisinthidwe ndi pulofayilo, chifukwa chili ndi mitundu masauzande yomwe munthu sangayilembe pamanja. Logo ili ndi mitundu iwiri kapena itatu yokha, choncho manambala ake alembedwe ndi munthu, chithunzi chitasinthidwa kale.

Koma musanakhudze chilichonse, imbirani wosindikiza. Mufunseni kuti asindikiza pa makina ati, pa pepala lanji, ndipo akufuna pulofayilo iti. Pulofayilo ndi kafayilo komwe kamafotokoza mmene inki inayake imaonekera pa pepala linalake. Dongosolo lake linakhazikitsidwa ndi bungwe la ICC lomwe linayamba mu 1993. Palibe CMYK imodzi yokwanira paliponse. SWOP ndi muyezo wa ku America. `Coated FOGRA39` ndi wa ku Ulaya, wa pepala losalala lonyezimira ngati la makalendala, ndipo umalola kuti inki zonse zinayi zikaphatikizidwa zifike 330 peresenti pamalo akuda kwambiri. Pulofayilo ya pepala la nyuzipepala yotchedwa `ISOnewspaper26v4` imalekeza pa 240 peresenti, chifukwa pepalalo limamwa inki ngati siponji. Mukasintha chithunzi ndi pulofayilo ya pepala losalala n'kukachisindikiza pa pepala lomwa inki, chimatuluka chakuda ndi chamatope. Wosindikiza wanga anati agwiritsa ntchito makina a mapuleti pa pepala lonyezimira, ndipo tinagwirizana za FOGRA39.

Kenako ndinabwerera ku fayilo yanga ya RGB, yomwe maleya ake onse anali akadali osaphatikiza. Fayilo imeneyi musamayiphe. Ndiye mbewu yanu, ndipo kusintha kulikonse kuzichitikira pa kope. Chithunzi chikapita ku CMYK mitundu yomwe yatayika siyibwereranso, ngakhale mutachibweza ku RGB.

Choyamba ndinasunga mawonekedwe a logo. Ndinagwira `Ctrl` n'kudina kachithunzi ka leya ya logo kuti mzere wosankhira uzungulire logoyo ndendende, ndi kupendekeka kwake konse, kenako ndinapita pa `Select > Save Selection`. Ndinachita izi kawiri, kamodzi pa mbali ya buluu, kachiwiri pa zilembo zakuda za dzina la bungwe. Zosungidwazi zimakhala pa bolodi la `Channels` ndipo siziwonongeka chithunzi chikamasinthidwa. Nditatero ndinazimitsa leya ya logo pamodzi ndi mthunzi wake, kotero kuti panatsala galimoto ya chitseko choyera chopanda kanthu.

Chithunzi chopanda logochi ndi chomwe ndinasintha. Ambiri amathamangira pa `Image > Mode > CMYK Color` chifukwa n'chapafupi, koma njira imeneyi imangogwiritsa ntchito pulofayilo yomwe yakhazikitsidwa kale m'kompyutamo, yomwe mwina si ya wosindikiza wanu. Yoyenera ndi `Edit > Convert to Profile`, pomwe mumasankha nokha. Pafupi nayo pali ina ya dzina lofanana nayo, `Assign Profile`, koma ntchito yake ndi ina. Iyo siyisintha manambala, imangosintha tanthauzo lake. Imathandiza ngati chithunzi chabwera chopanda pulofayilo iliyonse, monga zimachitikira ndi zithunzi zambiri zomwe zadutsa m'mafoni a anthu angapo. Chithunzi chotere mumayamba mwachipatsa `sRGB`, muyezo womwe makampani a HP ndi Microsoft anakonza mu 1996 ndipo ndi womwe mafoni ndi makamera ambiri amatsata. Mukadumpha sitepe imeneyi, kompyuta imayamba ulendo isakudziwa komwe yachokera.

M'bokosi la `Convert to Profile` muli malo otchedwa `Intent`, ndipo zofunika pa zithunzi ndi ziwiri. `Relative Colorimetric` imasiya mitundu yomwe inki ingakwanitse momwe ilili, n'kukankhira mkati yokhayo yomwe yadumpha malire. `Perceptual` imapanikiza mitundu yonse pamodzi kuti isunge kusiyana kwake, choncho ngakhale mitundu yomwe inalibe vuto imazilalako pang'ono. Anthu ambiri amasankha yachiwiriyi pofuna kupulumutsa logo, mapeto ake chithunzi chonse chimatuwa ndipo logoyo siyipulumukabe. Logo ikachoka, chithunzi cha pamsika chimatsala ndi malo ochepa odumpha malire. Mutha kudzionera nokha musanasinthe: sankhani pulofayilo pa `View > Proof Setup > Custom`, kenako yatsani `View > Gamut Warning`, ndipo malo onse omwe inki singawafikire adzaphimbidwa ndi imvi. Pa chithunzi changa panali ndowa imodzi yapulasitiki ndi kampango ka mayi wina basi. Ndinasankha `Relative Colorimetric`, ndikuchonga `Use Black Point Compensation` kuti malo amdima, monga pansi pa galimoto, asasanduke chibulumwa chakuda chopanda kanthu mkati.

Tsopano panafika pa funso lenileni: buluu wa bungweli papepala ndi uti? Makampani akuluakulu amakhala ndi kabuku kofotokoza logo yawo, momwe mumalembedwa manambala a RGB ndi a CMYK payekhapayekha. Kakakhalapo, musavutike kuganiza, lembani zomwe zili mmenemo. Bungwe langali linalibe kabuku kotere. Chomwe anali nacho chinali kachithunzi komwe ankatumizirana pafoni. Choncho ndinakonza tsamba limodzi la timabokosi tisanu ndi kamodzi. Tonse tinali ndi sayani 100, chikasu 0 ndi yakuda 0, koma majenta ankakwera kuyambira 50, 55, 60, 65, 70 mpaka 75, ndipo pansi pa kabokosi kalikonse ndinalemba manambala ake. Wosindikiza anatulutsa pulufu ya tsambalo. Ine ndi a tcheyamani tinatuluka nalo panja, pamthunzi wa khonde, chifukwa mababu a mu ofesi amanamiza maso, ena amakokera ku chikasu, ena ku buluu. Osindikiza akuluakulu amakhala ndi nyali yapadera yoonera mitundu, ya muyezo wa D50, yomwe imatsanzira kuwala kwa masana. Amene alibe nyali imeneyi, mthunzi wa panja masana ndiye wapafupi.

Kabokosi ka 50 kanaoneka kopepuka, kopita ku thambo. Ka 75 kanali katayamba kale kulowera ku pepo. A tcheyamani analoza chala pa ka 65 n'kunena kuti, "Uyu ndiye wathu." Sanali wowala ngati wa pafoni, koma anali buluu woyera, wolemera, wopanda litsiro. Ndinawapempha kuti asayine pambali pake.

Mu fayilo ya CMYK ija ndinatsegulanso mawonekedwe omwe ndinasunga, kudzera pa `Select > Load Selection`, kenako `Layer > New Fill Layer > Solid Color`. M'bokosi losankhira mtundu sindinayang'ane n'komwe mmene buluu akuonekera. Ndinangolemba manambala m'malo a C, M, Y ndi K: 100, 65, 0, 0. Leya imeneyi ndinayisiya pa `Normal` ndi `Opacity` ya 100, kuti kachikasu ka chitseko kasalowerere. Mukayitsitsa ngakhale kufika pa 90, zapansi zimayamba kuonekera ndipo litsiro labwerera.

Logo yosalala chonchi imaoneka yongomata, ndipo apa ndi pomwe ambiri amabwezeretsa vuto lomwe angochotsa kumene. Chitseko cha galimoto chili ndi popindika, pomwe kuwala kumachepa, ndipo logo iyenera kudera pamalo omwewo. Mukajambulapo mthunzi ndi bulashi ya imvi wamba, imviyo nthawi zambiri imakhala yosakaniza inki zonse zinayi, kuphatikizapo chikasu. Chomwe ndinachita n'kuika leya ya `Curves` pamwamba pa logo, n'kuyimangirira ku logoyo yokha ndi `Create Clipping Mask`, kenako n'kusankha `Black` yekha m'bokosi lake. Ndinawonjezera inki yakuda pang'ono, ndikupaka mthunziwo pomwe pali popindika pokha. Pamalo odera kwambiri yakuda inafika 20 peresenti, ndipo gawo lalikulu la logo linatsala pa 0. Inki yakuda imadetsa buluu popanda kumutembenuzira ku mtundu wina. Diso likaona mbali yoyera ya logo limakhulupirira kuti mbali yoderayo ndi mthunzi chabe wa buluu yemweyo.

Zilembo zakuda nazo zili ndi msampha wake. Mtundu wakuda wa pasikirini, R0 G0 B0, ukasinthidwa ndi SWOP umakhala C75 M68 Y67 K90, inki zinayi zounjikana zokwana 300 peresenti. Pamalo aakulu amdima m'chithunzi zimenezi zilibe vuto. Pa zilembo zazing'ono n'zoopsa, chifukwa puleti imodzi ikangosuntha pang'ono zilembo zimatuluka ndi mphonje zofiira kapena za buluu m'mbali. Ndinazidzaza ndi K100 yekha.

Mutha kufunsa kuti bwanji osangokweza `Saturation` pa logo chithunzi chisanasinthidwe, kuti chikazilala chitsale pabwino. Ambiri amayesa zimenezi koma sizithandiza. Mtundu womwe wadumpha kale malire a inki, mukauwonjezera mphamvu mwangoukankhira kutali, ndipo kompyuta idzaubwezera pamalire omwewo. Chomwe mumataya ndi mithunzi ya mkati mwake, yomwe imasungunuka n'kukhala chigamba chimodzi.

Ntchito yabwino ikhoza kuwonongekabe potuluka pakhomo. Pa kalendala yathu logo inalipo kawiri, pachitseko cha galimoto komanso pansi pa tsamba pambali pa dzina la bungwe. Ya pansiyo inali fayilo ina, ndipo inali ikadali mu RGB. Ndikanayisiya choncho, tsamba limodzi likanatuluka ndi mabuluu awiri osiyana, ndipo palibe chomwe chimaonekera msanga kuposa chimenechi. Ndinayipatsa manambala omwe aja. Chithunzi ndinachisunga ngati TIFF chili ndi pulofayilo yake, osati JPEG, yomwe imasiya tizinyalala m'mbali mwa zilembo. Potulutsa PDF mu InDesign, pa gawo la `Output`, ndinasankha `Convert to Destination (Preserve Numbers)` ndi pulofayilo yomweyo ya FOGRA39. Apa chofunika kusamala n'chakuti pulofayilo ya chithunzi ndi ya PDF zifanane. Zikasiyana, chithunzi chimasinthidwanso kachiwiri, kuchoka ku CMYK ina kupita ku inzake, ndipo manambala oyera aja amasokonekera. Pomwe panali 0 pamabwera timanambala ta chikasu kapena ta yakuda, ndipo K100 amasandukanso wa inki zinayi.

Kudziwa ngati zimenezi zachitika n'kosavuta. Tsegulani PDF mu Acrobat Pro, pitani pa `Output Preview`, ikani kalozera pa mbali yoyera ya logo, muwerenge manambala. Akakhala 100, 65, 0, 0, ntchito ili bwino. Chotsaninso chongi pa sayani, majenta ndi yakuda kuti mutsale ndi puleti yachikasu yokha. Pamalo a logo payenera kuoneka bowo loyera. Mukaonapo chithunzithunzi cha logo, chikasu chalowa. Ndipo musaweruze fayilo ya CMYK poyiona pafoni, chifukwa mapulogalamu ambiri a pafoni samayionetsa molondola. Mukamatumiza pa WhatsApp, itumizeni ngati `Document`, chifukwa mukayitumiza ngati chithunzi imapanikizidwa n'kuwonongeka.

Njirayi ili ndi malire ake. Manambala a CMYK ndi malangizo a kuchuluka kwa inki, si mtundu weniweniwo. C100 M65 pa makina a mapuleti sangafanane ndendende ndi C100 M65 pa makina a tona, kapena pa makina aakulu osindikizira mabena. Ena mwa makina aakuluwa ali ndi inki zowala kwambiri, mwinanso zoposa zinayi, moti wosindikiza angakuuzeni kuti mumupatse fayilo ya RGB kuti pulogalamu ya makina ake isinthe yokha. Akatero mumvereni, koma funsanibe kachidutswa koyesera. Pepala losanyezimira limameza kuwala kwa inki ikauma, ndipo pulasitiki yomwe amakuta pamwamba pa kalendala imasinthanso maonekedwe, yonyezimira imazamitsa mtundu pomwe yosanyezimira imaufewetsa. Pulufu yomwe mwasayina ikhale ya pepala lomwe ntchito isindikizidwepo.

Ngati mwini logo sangalole kalikonse kochepera pa buluu wowala uja, yankho ndi inki yachisanu, yosakanizidwa payokha malinga ndi buku la mitundu la Pantone. Mitundu ngati `Reflex Blue` ndi `Orange 021` imatchuka chifukwa inki zinayi siziyifikira. Mu Photoshop mumayiika pa `New Spot Channel`, n'kusiya bowo loyera pansi pake m'mapuleti ena anayi. Imafuna puleti ina ndi kutsuka gawo la makina, choncho mtengo umakwera, ndipo makina ambiri a tona amangoyitsanzira ndi inki zinayi zomwe zija. A tcheyamani atamva mtengo wake anati buluu wa pa kabokosi ka 65 wawakwanira.

Makalendala anatuluka sabata yachiwiri ya Disembala, logo ya pachitseko ndi ya pansi pa tsamba zili ndi buluu mmodzi. Tsamba la timabokosi lomwe a tcheyamani anasayina lili mu fayilo ku ofesi yawo, ndipo kumbuyo kwake ndinalembako C100 M65 Y0 K0, dzina la pulofayilo ndi mtundu wa pepala. Inu amene mukukonzetsa logo ya sukulu, mpingo kapena bizinesi yanu, musalipire ndalama yomaliza wokonzayo asanakupatseni manambala a CMYK a mtundu uliwonse, ndi kapepala kosindikizidwa komwe mwakaona ndi maso anu panja masana.